KUWERENGA CHOJAMBULA CHA NJIRA YA MAGETSI

Mawu olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Nangongwe, m'mudzi wa Kafue

Ntchito imene ndapatsidwa lero ndiyo ya kulongosola m'mene tingawerengere chojambula cha njira ya magetsi chimene chili m'buku la sukulu, makamaka pamene chojambulacho chatifika monga chithunzi cha pa foni. Mudziwa nonse kuti buku limodzi ligwiridwa ndi ana ambiri, ndipo amene alibe buku angolijambula tsamba natumizirana. Mwana afika nacho chithunzicho kwa mphunzitsi nafunsa kuti, "Kodi chinthu ichi chichita chiyani, ndipo magetsi apita kuti?" Funso limeneli liyenera yankho loona, pakuti ana omwewa ndiwo alumikiza mabatire ndi nyale za dzuwa m'nyumba za makolo awo. Chilala cha mu 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo mawaya olumikizidwa ndi manja a ana anachuluka m'makomo mwathu. Waya mmodzi wolakwika pa batire la galimoto akhoza kutentha nyumba.

Poyamba tidziwe kuti chojambula chotere sichionetsa maonekedwe a zinthu, koma chionetsa chimene chalumikizidwa ndi chinzake. Chifanana ndi ndandanda ya masiteshoni a njanji. Munthu atalemba mzere woongoka naikapo Livingstone, Choma, Mazabuka, Kafue ndi Lusaka, sananame, ngakhale njanji yeniyeni ikhotakhota nioloka mtsinje pa mlatho wathu uno. Iye wanena chimene chitsogola ndi chimene chitsatira, basi. Momwemonso mzere wa m'buku ukhoza kukhala wautali kapena waufupi, ndipo chithunzi chikhoza kufika chozondoka kapena chopendeka, koma njira ya magetsi sisintha. Chifukwa chake tisaphunzitse ana kunena kuti magetsi apita kudzanja lamanja kapena kumwamba. Anene kumene magetsi achokera ndi chimene akumana nacho potsatira.

Tsono ndikupemphani kuti mujambule nane chojambula chimodzi, cha mtundu umene upezeka kawirikawiri m'mabuku a sekondale, ndipo tikhala nacho kufikira mapeto. Kudzanja lamanzere kuli mabatire anayi a tochi otsatana, lililonse la mavoti 1.5, onse pamodzi mavoti 6. Kuchokera ku mutu wa mabatirewo waya apita pamwamba nakumana ndi swichi, kenaka ndi kabwalo kolembedwa A, kenaka ndi kabokosi kolembedwa 20 Ω, nafika pa kadontho kamene tikatche P. Pa P njira igawika pawiri. Nthambi yoyamba ili ndi babu laling'ono lolembedwa 3 V, 0.1 A, ndipo yachiwiri ili ndi kabokosi kena kolembedwa 60 Ω. Nthambi ziwirizi zikumananso pa kadontho kena, Q, ndipo kuchokera pamenepo waya wa pansi abwerera ku mabatire. Chotsiriza ndi kabwalo kolembedwa V, kamene kajambulidwa kunsi kwa zonse. Mwendo wake umodzi uchokera pa Q, ndipo wina uchokera pa P nutsika kudutsa waya wa pansi uja popanda kadontho. Malo odutsanawa muwasunge mumtima, pakuti tibwererako.

Kuwerenga kuyambira pa batire nthawi zonse, chifukwa ndilo likankha magetsi. Chizindikiro chake ndi mizere iwiri yoyandikana, wina wautali ndi wina waufupi. Wautali ndiwo mbali ya pulasi, kumene pa batire la tochi kuli kachisoti kotukuka, ndipo waufupi ndiwo mbali ya mainasi. Mwana aike chala pa mzere wautali, natsate waya osadumpha, kufikira chala chibwerere pa mzere waufupi. Chala chikapanda kupeza njira yobwerera, magetsi sayenda konse, ngakhale pang'ono. Pamenepo ntchito ya swichi yadziwika yokha. M'buku swichi ajambula monga kachitseko kotseguka pa waya. Ikatseguka njira yaduka, ndipo ikatsekeka njira yalumikizika. Pano chilankhulo chathu chisokoneza ana, pakuti kunyumba tinena kuti "tsegula magetsi" pofuna kuti nyale iyake, pamene m'chojambula nyale iyaka swichi itatsekeka. Nkwabwino kunena kuti swichi yalumikiza kapena yadula.

Tabokosi tiwiri tija ndi malezisita. Ntchito ya lezisita ndiyo kupinga magetsi kuti asayende mopitirira, ndipo kupingako tikuyesa m'maomu. Mabuku otsata mwambo wa ku Ulaya ajambula kabokosi, koma a ku Amerika ajambula mzere wa manomano ngati a sowo. Ana opeza zithunzi kuchokera kutali adzaona zonse ziwiri, ndipo adziwe kuti chinthucho ndi chimodzi. Babu ajambula kabwalo kokhala ndi mtanda wopingasa m'kati. Nalonso lipinga magetsi, koma kawaya kake kaonda kwambiri kotero kuti katentha kufikira kawale. Lezisita ya maomu 20 aiika patsogolo pa babu kuti iliteteze, popeza babulo ndi la mavoti 3 ndipo mabatire apereka 6. Popanda iyo babu likadawala kwambiri kanthawi kochepa nkupserera.

Tibwalo tiwiri tokhala ndi malemba ndi zoyesera, ndipo tiikidwa mosiyana chifukwa tiyesa zosiyana. Kolembedwa A ndi amita, imene iyesa unyinji wa magetsi opita pa malo amodzi pa sekondi iliyonse, ndiwo maampeya. Kuti iwerenge, magetsi onse ayenera kupyola m'kati mwake, ndicho chifukwa chake ikhala m'njira momwemo, ndipo aipanga yosapinga kanthu. Kolembedwa V ndi votimita, imene iyesa kusiyana kwa mphamvu yokankha pakati pa malo awiri, ndiwo mavoti. Iyo iima pambali nigwira malo awiriwo ndi miyendo yake, ndipo aipanga yopinga kwambiri kuti isabe magetsi a m'njira. Potsata njira ndi chala, votimita tiyambe taiphimba ndi kapepala, monga ngati palibe.

Kusiyana kwa maampeya ndi mavoti ana a kuno akumvetsa msanga tikawakumbutsa za mtsinje wawo. Madzi a Kafue apita pano pa Nangongwe mwakachetechete, ndipo ngakhale ali ambiri sangazunguze makina. Koma kumunsi kwathu, ku Kafue Gorge, kumene anayamba kupanga magetsi m'zaka zoyamba za m'ma 1970, madzi omwewo atsika pafupifupi mamita 400 asanafike pa makina. Unyinji wa madzi opita ufanana ndi maampeya, ndipo kutalika kwa phompho limene atsikapo kufanana ndi mavoti. Batire likweza magetsi pamwamba pa phiri la mavoti 6, ndipo pa chopinga chilichonse atsikako pang'ono, kufikira afike pansi pa mbali ya mainasi. Koma fanizoli lili ndi malire ake, ndipo tiwauze ana poyera. Mpopi ukaduka madzi atayikira pansi, koma waya akaduka magetsi satayika, angoima ponseponse nthawi yomweyo.

Tsopano tiwerengere. Lamulo limene tigwiritsa ntchito analifalitsa Georg Ohm wa ku Jeremani mu 1827, ndipo lilembedwa V = I × R, ndiko kunena kuti mavoti alingana ndi maampeya kuchulukitsa ndi maomu. Babu lathu, likamayaka pa mavoti 3 ndi kutenga maampeya 0.1, lipinga monga maomu 30, pakuti 3 kugawa ndi 0.1 ndi 30. Ndiye kuti pakati pa P ndi Q pali njira ziwiri, ya maomu 30 ndi ya maomu 60. Pofuna kudziwa kupinga kwa ziwirizi pamodzi, tichulukitsa manambalawo ndi kugawa ndi kuphatikiza kwake: 30 kuchulukitsa ndi 60 ndi 1800, ndipo 1800 kugawa ndi 90 ndi 20. Mwana akadabwa kuti bwanji 30 ndi 60 abala 20, mumfunse ngati anthu achedwa kwambiri kutuluka m'tchalitchi cha makomo awiri kapena cha khomo limodzi. Njira yachiwiri, ngakhale yopapatiza, ichepetsa kupanikizana. Yankho la nthambi zotere likhala locheperapo nthawi zonse kuposa nthambi yopinga pang'ono, ndipo mwana amene wapeza 90 adziwe yekha kuti wasokera.

Maomu 20 a nthambizi atsatana ndi maomu 20 a lezisita yoyamba, ndipo zotsatana tingoziphatikiza, zikhala 40. Mavoti 6 kugawa ndi maomu 40 atipatsa maampeya 0.15, ndipo ndiyo nambala imene amita idzaonetsa. Pa lezisita yoyamba magetsi atsika mavoti 3, pakuti 0.15 kuchulukitsa ndi 20 ndi 3. Atsala mavoti 3 pakati pa P ndi Q, amene votimita idzaonetsa, ndipo ndiwo amene babu lifuna. Pa P magetsi agawika: maampeya 0.10 apita m'babu, ndipo 0.05 apita m'lezisita ya maomu 60. Pa Q akumananso nakhala 0.15 monga poyamba. Pali mayeso awiri amene mwana aliyense angadziyese nawo popanda mphunzitsi. Mavoti otsika pozungulira njira yonse akwane a batire, 3 ndi 3 akhale 6. Ndipo maampeya olowa pa kadontho alingane ndi otuluka, 0.10 ndi 0.05 akhale 0.15.

Pano pali maganizo olakwa amene ana ambiri afika nawo, akuti babu lidya magetsi, kotero kuti obwerera ku batire achepa. Mawu sawachotsa maganizowa, koma chiyeso chiwachotsa. Chotsani amita pamwamba muiike pa waya wa pansi, pakati pa Q ndi mabatire, ndipo idzaonetsa nambala yomwe ija. Chimene chatha m'babu ndi mphamvu imene magetsi ananyamula, imene yasanduka kuwala ndi kutentha. Madzi otuluka kunsi kwa makina a ku Kafue Gorge sachepa, angotaya kutalika kwawo.

Mwana wochenjera adzafunsanso kuti, "Buku lina linena kuti maelekitironi achokera ku mainasi, nanga inu bwanji muyambira ku pulasi?" Onse awiri anena zoona. Mayina a pulasi ndi mainasi anawapereka Benjamin Franklin m'zaka za m'ma 1740, ndipo anthu anazolowera kunena kuti magetsi achokera ku pulasi. Elekitironi inadziwika mu 1897 ndi ntchito ya J. J. Thomson, ndipo zinaoneka kuti m'waya wa kopa maelekitironi ayenda mobwerera. Mwambo wakale unatsala, ndipo mivi ya m'mabuku iutsata, pakuti manambala atuluka chimodzimodzi. Maelekitironiwo ayenda pang'onopang'ono ndithu, m'waya wamba wonyamula maampeya 0.15 masentimita owerengeka pa ola. Babu liyaka nthawi yomweyo chifukwa waya ali wodzala kale, ndipo onse ayamba kusuntha pamodzi swichi ikalumikiza.

Tibwerere tsopano ku chithunzi cha pa foni, pakuti chibisa tinthu ting'onoting'ono timene tilamulira zonse. Choyamba ndi kadontho. Mawaya awiri akadutsana popanda kadontho, salumikizana, ndipo mabuku ena akale aika kamlatho kokhota posonyeza zimenezi. Pakakhala kadontho, alumikizana. Koma pa tsamba lakale pakhala litsiro la ntchentche kapena dontho la inki, ndipo chithunzi chotumizidwa kambiri chifufutika. Tiyese kuti mwana waona kadontho pa malo aja pamene mwendo wa votimita udutsa waya wa pansi. Pamenepo P walumikizika ndi waya wobwerera, magetsi apeza njira yachidule yopanda chopinga, nalambalala babu ndi lezisita yachiwiri. Babu lizima, votimita ionetsa 0, ndipo amita ikwera kufika 0.3, popeza atsala maomu 20 okha. Kutentha kwa m'lezisita yoyamba, kumene kunali mawati 0.45, kufika 1.8, kanayi kuposa poyamba, ndipo kalezisita kakang'ono kayamba kununkha. Tsono chojambulacho chidziweruza chokha. Wolemba buku sangajambule babu ndi votimita zimene sizidzagwira ntchito, ndiye kuti kadonthoko ndi litsiro.

Chachiwiri ndi kabokosi. Fyuzi nayo ajambula kabokosi, koma mzere wa waya upyola m'kati mwake kuchokera mbali ina kufika ina. Kuwala kwa foni kukagwa pamenepo mzerewo usowa, ndipo fyuzi ioneka ngati lezisita. Tizindikira ndi nambala ya pambali, pakuti ya fyuzi ili m'maampeya ndipo ya lezisita ili m'maomu. Chachitatu ndi manambala eni ake. Kadontho ka pakati pa 2.0 kakasowa tiwerenga 20, ndipo kachilembo k kotsatira nambala kakabisika m'mphindiko ya buku tataya chikwi chathunthu, pakuti 20 kΩ ndi maomu 20,000. Mwana ayese yankho lake ndi nzeru. Lezisita yoyamba ikadakhala ya maomu 2, babu la mavoti 3 likadalandira oposa 5, ndipo ikadakhala ya 20,000 babu silikadayaka konse. Nambala 20 yokha ndiyo igwirizana ndi zolembedwa pa babu.

Chachinayi ndi mizere ya batire, imene pa chithunzi chojambulidwa chapambali ioneka yofanana kutalika. M'chojambula chathu kutembenuza mabatire onse sikusintha kuwala kwa babu, koma singano ya amita ibwerera m'mbuyo, ndipo chida cha manambala chionetsa chizindikiro cha mainasi. Koma pakakhala dayodi, yojambulidwa ngati mutu wa muvi wogunda kamzere, kapena kanyale ka LED konga ka m'matochi a masiku ano, nkhani isintha, pakuti zimenezi zilola magetsi kupita kumene muvi waloza kokha. Chifukwa chake mwambo woyenera ndi uwu: mwana asayankhe funso ali kuyang'ana pa foni. Ayambe wajambulanso chojambulacho m'kope lake ndi rula, naike kadontho kalikonse ndi nambala iliyonse, ndipo pamene akayika akaone tsamba lenileni kapena apemphe chithunzi china chojambulidwa molunjika, tsamba litayalidwa bwino pa kuwala kwa dzuwa.

Amene muli ndi zipangizo, mangani njirayi pa thabwa, koma mudziwiretu kuti manambala sadzafanana ndendende ndi a m'buku. Mabatire nawo apinga pang'ono m'kati mwawo, ndipo akatopa apinga kwambiri, kotero mudzaona maampeya ocheperapo. Lezisita ya maomu 60 sipezeka kawirikawiri m'sitolo, koma ziwiri za 120 zoikidwa m'nthambi ziwiri zipanga 60. Ya maomu 20 mugule yopirira wati imodzi, pakuti ting'onoting'ono tambiri tipirira gawo limodzi la magawo anayi a wati. Ndipo mukayesa babu lozizira ndi chida, mudzapeza maomu ochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi la magawo khumi a 30 aja, chifukwa kawaya kake kapinga kwambiri pokhapo katatentha.

Njira itamangidwa, zoyesera ziwirizo zisanduka mboni zonena kumene kuli vuto. Babu likazima, amita nitsika kufika 0.075, votimita nikwera kufika 4.5, babulo lapserera kapena lamasuka, pakuti yatsala njira ya maomu 20 ndi 60, onse 80. Babu likazima, amita nikwera kufika 0.3, votimita nionetsa 0, pali njira yachidule pakati pa P ndi Q, ndipo mudule swichi msanga. Zonse ziwiri zikaonetsa 0, njira yaduka pa mabatire, pa swichi kapena pa waya wamkulu. Mphunzitsi amasule kanthu mobisa, ana nanene vuto poyang'ana zoyesera zokha. Mwana wotha kuchita zimenezi wawerengadi chojambula, sanangoloweza mayina.

Potsiriza, chenjezo liwiri. Amita isaikidwe konse molunjika pa mitu iwiri ya batire, pakuti popeza siipinga kanthu, iyo yomwe isanduka njira yachidule nipserera. Ndipo zonse tanenazi tichita ndi mabatire a tochi okha. Batire la galimoto, ngakhale lili la mavoti 12, likhoza kutulutsa maampeya mazanamazana m'waya wolumikiza mitu yake, wayayo nafiira ngati khala, ndicho chifukwa chake fyuzi iyenera kukhala pafupi ndi mutu wa pulasi m'nyumba iliyonse younikira ndi batire lotere. Magetsi a ZESCO a m'khoma ndi a mavoti 230 ndipo apha munthu, kotero mwana asayesere pamenepo chimene waphunzira pa thabwa.

Ndikupemphani kuti chigawo chino chisanathe aliyense ajambule chojambulachi pa bolodi, ayendetse ana chala kuchokera pa mzere wautali kufika pa waufupi, kenaka aike kadontho konama paja podutsana, naone ngati adzakazindikira ndi kunena chifukwa chake. Zotsatira zake tidzamva pa msonkhano ukudzawo.